Masilaidi 40 pa mphindi 20: yambani ndi kuchotsa

"Ndakonza masilaidi 40 a lipoti la ntchito yathu ya mijigo, koma a komiti andipatsa mphindi 20 zokha. Ndiphatikize kapena ndichotse? Chilichonse ndikuchiona chofunika."

Tiwerengere limodzi. Masilaidi 40 pa mphindi 20 ndiye kuti iliyonse ili ndi masekondi 30, ndipo munthu amene wakhala kumbuyo amakhala asanamalize n'komwe kuwerenga tebulo inu mwasintha kale. Malonje ndi mawu otsekera adzadyanso mphindi zitatu. Zotsala 17 zimakwana masilaidi 10 kapena 12, chifukwa silaidi ya manambala imafuna mphindi ziwiri.

Musathamangire kuphatikiza. Ambiri amatenga masilaidi atatu n'kuthira mawu onse pa imodzi, PowerPoint n'kuchepetsa yokha zilembo kuti zikwane. Nambala ya masilaidi yatsika, koma zoti muyankhule ndi zomwezija, nthawi sinapulumuke, ndipo tsopano palibe akuona. Kumeneko n'kudzinamiza. Saizi ya zilembo ikatsika pansi pa 24, dziwani kuti mwadzaza mopyola.

Lembani kaye papepala chiganizo chimodzi cha zimene mukufuna komiti ichite, mwachitsanzo ivomereze ndalama zokonzera mijigo yowonongeka. Kenaka tsegulani View, Slide Sorter, muwaone onse pamodzi, ndipo iliyonse muifunse ngati ikuthandiza pempholo.

Tinene kuti muli ndi masilaidi 5 a mbiri ya bungwe. Achotseni onse, a komiti akukudziwani kale, mawu awiri apakamwa akwana. Zolinga zimene zatenga masilaidi 4 zikhale pa imodzi. Pa zithunzi 8 siyani ziwiri, mjigo wogwira ntchito ndi mjigo wakufa. Zithunzi za anthu atandandalika pamsonkhano zimasangalatsa amene analipo okha.

Kuphatikiza koona kuli pa masilaidi ofanana maonekedwe. Ngati midzi 12 ili ndi silaidi yakeyake, pangani tebulo limodzi: dzina la mudzi, mijigo yokumbidwa, mijigo imene ikutulutsa madzi. Mutu wake unene zimene mwapeza, monga "Midzi itatu ndiyo ili ndi mijigo yambiri yakufa", ndipo muyankhule za itatuyo basi. Bajeti ya masilaidi 6 itsale pawiri, ndalama zimene zagwiritsidwa ntchito ndi zimene mukupempha.

Ochotsedwawo musawafufute. Asunthireni kumapeto, dinani kumanja kwa mausi, sankhani Hide Slide. Wina akafunsa za mudzi wina, lembani nambala ya silaidiyo pa kiyibodi n'kudina Enter, ituluka pomwepo. Manambalawo muwalembe papepala mutamaliza kusuntha, poti amasintha.

Pomaliza pitani pa Slide Show, Rehearse Timings, muyankhule mokweza mutaimirira, osati chamumtima. Mukafika mphindi 19 muli nokha, pagulu mudzapyola. Chotsaninso silaidi ina mpaka muzithera pa 17 kapena 18. Samalaninso ndi mawu ngati "monga taona muja" amene akuloza silaidi yomwe mwabisa kale.