Ndinachotsa apu mufoni, koma ndalama zikudulidwabe

"Ndinalembetsa apu yophunzirira chinenero pa Google Play chifukwa ankati sabata yoyamba ndi yaulere. Ndinaichotsa mufoni, koma akhala akundidula ndalama pa khadi langa la Visa pa 14 Malichi, pa 14 Epulo ndiponso dzulo pa 14 Meyi. Ndiletse bwanji, nanga ndalamazo zingabwezedwe?"

Pangano lolipira mwezi ndi mwezi silikhala mufoni ayi, limakhala pa akaunti yanu ya Google, n'chifukwa chake limapitirirabe ngakhale apuyo itachotsedwa. Tsekulani Play Store, dinani chithunzi chanu pamwamba, sankhani Payments & subscriptions, kenako Subscriptions, ndipo mukaipeza apuyo dinani Cancel subscription mpaka atatsimikiza. Mukapeza mndandandawo uli wopanda kanthu musafulumire kukondwa, pakuti nthawi zambiri zimatanthauza kuti munalembetsa ndi akaunti ina ya Gmail, kapena munapereka nambala ya khadi pa tsamba la eni apuwo. Sitetimenti ya kubanki ndiyo ingakuuzeni zoona: ngati mzere wa malipirowo wayamba ndi GOOGLE*, ndalama zinadzera ku Google, koma ngati pali dzina lina, kuletsa kuyenera kuchitikira kwa mwini dzinalo. Sungani imelo yotsimikizira kuti mwaletsa, chifukwa ndiwo umboni wanu wamphamvu.

Malipiro atatuwa sali pa mlingo umodzi. A pa 14 Meyi akadali mkati mwa maola 48, nthawi imene Google imalandira yokha pempho lobweza ndalama, choncho pemphani lero lomwe. Za Malichi ndi Epulo muyenera kulembera amene anapanga apuyo, n'kutchula nambala ya oda yoyamba ndi GPA imene ili pa lisiti ya mu imelo yanu, ndi kufotokoza kuti simunaigwiritse ntchito. Ena amabweza, ena amakana, ndipo kukanako sikuwachimwitsa kwenikweni, popeza munavomera nokha kuti sabata yaulere ikatha muzilipira.

Kubanki ndi komaliza, ndipo mukapita musakanene kuti akuberani. Kuiwala kuletsa si kuberedwa, ndipo dandaulo lotere limagwa msanga wogulitsa akangoonetsa kuti munavomera. Dandaulo limene limaima pa malamulo a Visa ndi la ndalama zimene zadulidwa mutaletsa kale. Mwachitsanzo, mukaletsa lero pa 15 Meyi koma n'kudulidwanso pa 14 Juni, tengani imelo ija ndi sitetimenti, mukalembe fomu yotsutsa malipiro. Kawirikawiri nthawi yake ndi masiku 120, koma banki ikhoza kukhala ndi malire akeake ofupikirapo, choncho musadikire.

Sindikulangizani kungotseketsa khadi kapena kusiya akaunti yopanda ndalama, pakuti panganolo limakhala lisanathe, ndipo Google imayesanso kudula kwa masiku angapo, nthawi zina pa khadi lina limene munaliika ngati lodalira loyamba likakana.