Chakudya chikuima pachifuwa ndikameza

"Ndili ku Ulongwe. Kwa miyezi iwiri, ndikameza nsima kapena nyama imaima pakati pa chifuwa ndipo ndimamva ululu. Phala limadutsa. Vuto nchiyani?"

Achimwene, vutolo likuoneka kuti lili kummero, njira yotsitsira chakudya kumimba yomwe imadutsa kuseri kwa fupa la pachifuwa. Pitani kuchipatala sabata ino, musadikire.

Mukafika kumeneko mufotokoze bwino chomwe chimaima. Ngati ndi zolimba zokha, nsima ndi nyama, pamene phala ndi madzi zikudutsa, ndiye kuti njirayo yachepa. Imachepa chifukwa cha chipsera chobwera ndi chilungulira cha zaka zambiri, kapena chotupa. Khansa ya kummero ndiyofala kuno kwathu, makamaka kwa osuta fodya ndi akumwa kachasu, ndipo imayamba chonchi: lero nyama, pakapita miyezi phala, kenako madzi, thupi likutha.

Ululuwo ukhozanso kuloza kwina. Yang'anani m'kamwa pagalasi. Zoyerayera pa lilime ngati mkaka wogona zimasonyeza mafangasi omwe amatsikira kummero chitetezo cha m'thupi chikatsika, choncho mukayezetsenso HIV ndi shuga. Mafangasiwa amachizika ndi mankhwala a fulukonazo a masabata awiri kapena atatu. Mapiritsi ngati dokisisaikilini, akamezedwa opanda madzi okwanira pogona, amawotchanso kummero.

Chotsimikizira ndi endosikopi, kachubu ka kamera kolowetsa pakamwa, choncho pemphani kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu. Malovu akayamba kukanika kumeza, kapena mukasanza magazi, pitani tsiku lomwelo.