Sukulu yasanduka msasa, nanga ana aphunzira bwanji?

"Sukulu yathu yasanduka msasa wa anthu othawa madzi osefukira ndipo sitikudziwa kuti ana abwerera liti m'kalasi. Ine ndili m'komiti ya sukulu. Kodi maphunziro a pa wailesi ndi pa foni amathandizadi, kapena n'kungotaya mabatire?"

Pepani ndi zovutazo, mayi. Ine ndine mphunzitsi wa sitandade 3, ndipo zimenezi ndazionapo kawiri: mu 2020 pamene sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha korona mpaka kuyamba kutsegulidwa mu Seputembala, komanso mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atasakaza m'chigawo cha kummwera.

Wailesi imathandiza, koma pokhapokha pakhale munthu wamkulu pambali pake. Amene munaona pulogalamu ya Tikwere mukukumbuka kuti mphunzitsi wa pa wailesi ankafunsa funso n'kukhala chete pang'ono kuti ana ayankhe, ndipo mphunzitsi wa m'kalasi ndiye ankaloza mwana, kulemba pa bolodi ndi kukonza zolakwika. Nthawi ya korona maphunziro anaulutsidwa pa MBC, koma m'makomo ambiri munthu wachiwiriyo panalibe. Ana anga ena ankayimba nyimbo zonse za pulogalamu bwinobwino, koma ukawapatsa kope, palibe chotuluka. Ena wailesi inali itapita kudimba ndi bambo awo.

Choncho sonkhanitsani ana osapitirira 15 a kalasi imodzi pamthunzi, wailesi ya sola pakati, ndipo mupeze wachinyamata amene anafikako folomu 2 kapena 4 kuti aziwatsogolera. Wailesi siibwerera m'mbuyo mwana akasochera, ndiye pulogalamu ikatha asabalalike. Akhalebe kanthawi, aliyense alembe masamu atatu kapena mawu asanu, ngakhale pamchenga ngati makope anapita ndi madzi. Mukafuna kudziwa ngati zikuyenda, musafunse gulu lonse, chifukwa pagulu aliyense amaoneka wodziwa. Itanani mwana mmodzi payekha.

Za foni ndiye pali nkhani. Ambiri timathamangira kutsegula gulu la WhatsApp, pomwe makolo ambiri ali ndi timafoni ta mabatani, ndipo bandulo ndi ndalama ya ndiwo. Ku Botswana mu 2020 anayesa njira ziwiri m'mabanja pafupifupi 4,500. Ena ankangolandira uthenga wa masamu sabata iliyonse, ena uthengawo komanso kuyimbiridwa foni kwa mphindi 15 mpaka 20. Uthenga wokha sunasinthe zambiri. Amene anapita patsogolo ndi oyimbiridwawo.

Ine ndimachita chonchi. Ndimagwirizana ndi kholo tsiku ndi nthawi, makamaka madzulo foni ikabwerera pakhomo. Lolemba ndimatumiza masamu awiri kapena atatu pa uthenga wamba. Tsiku loyimba ndimapempha kuti akweze mawu a foni kuti kholo lizimva nawo, ndipo sindiyimbira mwana ali yekha. Sindiyamba ndi silabasi, ndimayamba ndi kufufuza pomwe mwanayo ali: samu imodzi yowonkhetsa, akakhoza ya kuchotsera, kenako kuchulukitsa. Pomwe wakodwa ndi pomwe timayambira, kaya ali sitandade 3 kaya 5.

Mwachitsanzo, mtsikana wina ndinamupatsa 42 kuchotsera 17, iye n'kuyankha 35. Yankho limeneli si lolota ayi, lili ndi njira yake. Anaona 2 ndi 7, n'kuchotsa yaing'ono pa yaikulu kupeza 5, kenako 4 kuchotsera 1 kupeza 3. Pamenepo ndinadziwa kuti vuto ndi kubwereka. Ndinapempha mayi ake kuti athyole timitengo, amange mitolo inayi ya timitengo khumikhumi, ndi tiwiri tapadera. Ndinamuuza kuti achotse 7 pa tiwirito. Anati sizingatheke. Ndiye masula mtolo umodzi. Tapadera tinakhala 12, atachotsa 7 kunatsala 5, ndipo pa mitolo itatu yotsala atachotsa umodzi inatsala iwiri. Anadzipezera yekha 25. Ndisanadule foni ndinamupatsa 53 kuchotsera 28. Akanayankhanso 35 ndikanadziwa kuti sizinalowe, sabata inayo tibwereze. Anayankha 25, mayi ake n'kululutira kumbuyo.

Njirayi ili ndi polekezera pake. Masamu amayenda bwino pa foni, koma kuwerenga kwa ana a sitandade 1 n'kovuta, chifukwa sungaone chala cha mwana pa chilembo. Amenewo asiyireni gulu la pamthunzi lija. Komanso ana 30 mphindi 20 aliyense ndi maola 10 pa sabata, ndipo mayunitsi amenewo asachokere m'thumba mwa mphunzitsi. Komiti yanu ikambirane zimenezi musanayambe, pamodzi ndi malo otchajira foni poti magetsi mwina mulibe. Lembaninso mayina a ana omwe kwawo kulibe foni, muwaphatikize ndi anzawo oyandikana nawo pamsasapo, awiri kapena atatu pa foni imodzi bola akhale okodwa pamalo pamodzi.