Wotchi ikutha moto tsiku limodzi chichitireni apudeti

"Abale ndithandizeni. Wotchi yanga ndikaitchaja inkakhala masiku 5, koma chichitireni apudeti sabata yatha ikumatha moto tsiku limodzi. Kodi batire lafa?"

Achimwene, musathamangire kukasinthitsa batire. Batire likamakalamba limafooka pang'onopang'ono kwa miyezi, silingagwe lero ndi lero. Apa chilipo chimene chayaka m'wotchimo ndipo sichikuzima. Masiku awiri oyambirira wotchi imadyadi moto chifukwa imakhala ikukonza mafayilo ake ndi kulumikizananso ndi foni, koma poti sabata yatha, chifukwa chimenecho chichotseni. Yambani mwaizimitsa n'kuiyatsanso, foninso chimodzimodzi. Nthawi zina pulogalamu imodzi imangokakamira, ndipo zimathera pomwepo.

Zikapitirira, yezani usiku, nthawi imene simukuigwiragwira. Masiku 5 ndi maola 120, ndiye kuti kale inkadya pafupifupi 0.8% pa ola. Pano ikudya 4% pa ola. Mukagona maola 8, wotchi yabwinobwino itsike ndi 6% kapena 7%, pomwe yovutayi itsika ndi 30% kapena kuposa. Lembani peresenti pogona ndi podzuka, ndipo usiku uliwonse sinthani chinthu chimodzi chokha. Mukazimitsa zonse nthawi imodzi moto ukhalitsadi, koma simudziwa chimene chimaudya, ndipo mudzimana zinthu zimene munagulira wotchiyo.

Usiku woyamba ivaleni monga mwa masiku onse. Ikatsika ndi 7% yokha, vuto lili masana, ndipo kawirikawiri ndi sikirini. Onani ngati Always On Display, imene imasiya sikirini ili chiyakire nthawi zonse, yayaka, chifukwa apudeti ina imabwezera masetingi mmene anachokera kufakitale. Mawotchi ambiri amazimitsa sikirini nthawi yogona, n'chifukwa chake usiku vutoli limabisala. Onaninso nkhope ya wotchi imene mukugwiritsa ntchito. Ngati munaitsitsa kwa anthu ena, makamaka yokhala ndi muvi wa masekondi kapena yoonetsa nyengo, mwina siikugwirizana ndi pulogalamu yatsopanoyi. Bwererani ku nkhope imene inabwera ndi wotchi kwa tsiku limodzi muone.

Koma ikatsika ndi 30% muli mtulo, ine ndimayamba kukayikira masensa. Kunsi kwa wotchi kuli timagetsi. Tobiriwira timayeza kugunda kwa mtima, tofiira timayeza mpweya wa okosijeni m'magazi. Lowani m'chipinda chamdima, mutukule pang'ono m'mphepete mwa wotchi ili pamkono. Mukaona kufiira kukuyaka pafupipafupi, ndiye kuti SpO2, yoyeza okosijeni ija, ikugwira ntchito nthawi zonse. Pa mawotchi a Garmin imatchedwa Pulse Ox, ndipo ikakhala pa All Day imadya moto kwambiri. Iikeni poti iziyeza mukaifuna nokha. Za mtima nazo zili ndi masetingi ake: mawotchi ena amakulolani kusankha kuyeza mosalekeza kapena pa mphindi 10 zilizonse, ndipo kuyeza nkhawa kukayaka kumachititsa timagetsi tobiriwira tija kuyaka nthawi yaitali.

Pali kenanso kamene anthu sakaganizira, lamba. Akakhala wokhwepa, sensa imavutika kuwerenga, ndiye imayesa mobwerezabwereza. Galasi lakunsi likachita thukuta louma zimakhalanso choncho. Lipukuteni, ndipo mumange lamba kuti wotchi isamaterereke, pamwamba pang'ono pa kafupa ka pamkono. Kenako ivuleni muigoneke chafufumimba patebulo. Pakapita kanthawi timagetsi tiyenera kuzima. Tikamaphethirabe patatha mphindi zingapo, wotchi ikuganiza kuti ikadali pamkono, kapena pali masewera olimbitsa thupi amene anayambitsidwa osatsekedwa. Masewera osatsekedwawa ndi oopsa, chifukwa amatha kusiya GPS ili chiyakire, ndipo GPS yokha imamaliza batire la mawotchi ambiri tsiku lisanathe.

Masensa akapezeka kuti alibe mlandu, usiku wotsatira yatsani Airplane Mode, muonetsetse kuti Bluetooth nayo yazima. Ikatsika ndi 7% basi, vuto ndi kulumikizana. Bluetooth ikamadukaduka, wotchi imakhalira kusaka foni, ndipo imene ili ndi Wi-Fi kapena LTE imathawira kumeneko, komwe kumadya moto wochuluka. Izi zimachitika kwambiri wotchi ikalandira apudeti koma pulogalamu yake ya pafoni ikadali yakale. Ichiteni apudeti nayonso, muilole kuti izigwira ntchito ngakhale foni ili m'thumba. Zikakanikabe, ichotseni wotchi pafoni n'kuilumikizanso mwatsopano, mutasunga kaye zanu, poti mawotchi ena amafufuta zonse mukatero.

Batire lenilenilo mulikayikire pokhapokha wotchi ikamazima ili pa 30% kapena 20%, ikamatentha pamkono, kapena sikirini ikayamba kutukuka m'mbali. Ikatukuka musaivalenso kapena kuitchaja, ipititseni kwa okonza. Ngati zizindikirozi palibe, bweraninso ndi dzina la wotchiyo ndi maperesenti a usiku uliwonse, tione pamene pakuthawira moto.