Kuthwanima m'maso mutu waching'alang'ala usanayambe

"Anzanga, mutu usanandiwawe ndimaona mizere yothwanima, ndipo nkhope ya munthu ndimaiona theka. Kodi maso akufa? Ndili ndi zaka 29, ndimamwa mapiritsi olerera."

Achemwali, zikadzayambanso mudzatseke diso lamanja, kenako lamanzere, kenako onse awiri. Mizereyo ikamaonekabe mbali imodzimodzi muli monsemo, ngakhale mutatsinzina, ndiye kuti vuto silili m'maso. Likuchokera muubongo, cha kunkhongo, kumene kumatanthauziridwa zimene maso aona. Madokotala amati awura, ndipo imachitikira pafupifupi munthu m'modzi mwa atatu kapena anayi odwala mutu waching'alang'ala.

Chimachitika n'chakuti maselo a ubongo a pamalo amodzi amatakasuka mopitirira, kenako n'kukhala zii kwakanthawi, ndipo zimenezi zimafalikira pang'onopang'ono, pafupifupi mamilimita 3 pa mphindi. N'chifukwa chake mumayamba ndi kadontho kophethira pafupi ndi pamene mukuyang'ana, mwina chilembo chimodzi pafoni n'kusowa. Pakapita mphindi zingapo kadontho kaja kakula, kasanduka mzere wopindika wa manomano ngati sowo, ukusunthira kumbali. Kothwanimako ndi kumene maselo atakasuka, ndipo mdima wotsala m'mbuyo mwake, womwe ukukubisirani theka la nkhope, ndi kumene akhala zii. Zimatenga mphindi 5 mpaka 60, kenako maso amayera, mutu n'kuyamba ola lisanathe. Ena mutuwo subwera n'komwe. Enanso amamva dzanzi likukwera kuchokera kuzala mpaka kumilomo.

Kukwawa kumeneku ndiye kofunika kukuyang'anitsitsa, chifukwa sitiroko siichedwa chonchi, imangogwa kamodzin'kamodzi. Mukaona mdima wadzidzidzi wopanda zothwanima, kapena mkono walefuka, kamwa yapotoka, mawu sakutuluka bwino, kapena ola ladutsa osasintha, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche. Chimodzimodzi zikakhala m'diso limodzi lokha, makamaka kung'anima kobwera ndi timadontho takuda tambiri toyandama, chifukwa pamenepo mwina mkati mwa diso mwang'ambika. Amene ndi woyembekezera akamaona zothwanima akayezetse kuthamanga kwa magazi msanga.

Koma chimene chandilembetsa zonsezi ndi mapiritsiwo. Munthu woona awura sayenera kumwa mapiritsi olerera okhala ndi esitirojeni, aja a mphamvu ziwiri, chifukwa amakweza chiopsezo cha sitiroko, ndipo fodya akawonjezeka ndiye zimaipiratu. Tengani kapepala ka mapiritsiwo mupite nako kwa anamwino a zakulera sabata ino, ndipo muwauze za mizereyi mosabisa. Ambirife timangoti "mutu umandivuta", nkhani ya maso n'kuisiya. Njira zopanda esitirojeni zilipo: jakisoni, zoika pamkono, lupu, ngakhalenso mapiritsi a mphamvu imodzi. Podikira kusintha, kondomu ikuthandizani.

Awura ikayamba muli pachiwongolero kapena panjinga, imani pambali mpaka maso ayere. Panado kapena bulufeni imwani msanga, mutu usanakhazikike, koma bulufeni ayi ngati muli ndi zilonda zam'mimba. Muzilembanso nthawi imene yayamba ndi imene yatha, poti adokotala adzakufunsani zimenezo.