Sevisi ya wotchi yopanda batire: amachitamo chiyani, ndipo imadya zingati?

"Malemu bambo anandisiyira wotchi yoyenda popanda batire, yatha zaka 12 osatsegulidwa. Pano ikutsalira mphindi ziwiri patsiku, ndikaivula usiku m'mawa ndimaipeza itaima. Wokonza akuti ikufunika sevisi yonse. Ndilipire? Nanga amachitamo chiyani?"

Achimwene, wokonzayo akunena zoona, ndipo muyambe mwaivula kaye. Wotchi yoti sipuling'i yake yadzaza mphamvu bwino imayenera kuyenda maola pafupifupi 40 ili patebulo. Yanuyo ikuonetsa kuti oyilo anauma. Mawotchi ambiri amagunda ka 28,800 pa ola, ndiye oyilo akauma n'kusakanikirana ndi fumbi amayamba kupala timitsitsi tachitsulo tomwe mawilo amazungulirapo. Pamenepo simulipiranso kutsuka kokha, mumagulanso zitsulo.

Sevisi yeniyeni si kudontheza oyilo ayi. Amaphwasula makina onse, tizidutswa toposa 100, n'kutitsuka m'mankhwala osungunula mafuta. Timabowo ta timiyala tofiira momwe mumalowa timitsitsi ta mawilo tija amatitokosa ndi kamtengo kosongoka, kamodzikamodzi, akuyang'ana pagalasi lokuza. Sipuling'i yaikulu yosunga mphamvu kawirikawiri amaikamo yatsopano, pamodzi ndi timphira totchinga madzi. Pobwezera amapaka oyilo wa mitundu ingapo, kadontho kochepa kuposa mutu wa singano, chifukwa akachuluka amayenderera n'kusiya pouma.

Akamaliza amaiika pa kachipangizo komvetsera kugunda kwake, moigoneka ndi moimika. Apa ndi pomwe mungagwire wonama. Mufunseni kuti wilo la balansi, lomwe limapita uku ndi uku kusunga nthawi, likutembenuka madigiri angati. Wotchi yogonekedwa, yodzaza, yotsukidwa bwino imapereka 270 mpaka 310. Ikamakanika kudutsa 220, ntchito sinagwirike. Wokonza wabwino amaisunganso masiku angapo akuiyesa. Wokuuzani kuti mubwere mawa ameneyo mumukayikire.

Za ndalama zimatengera makina ali m'katimo. Makina wamba ngati ETA 2824, kwa wokonza woima payekha, nthawi zambiri ndi madola a ku America 200 mpaka 400. Ku kampani zikuluzikulu za ku Switzerland yembekezerani kuwirikiza kawiri kapena kuposa, ndipo yokhala ndi mabatani oyezera nthawi imakwera kwambiri. Koma akapezamo Seiko NH35, makina atsopano ndi otchipa kuposa sevisi, ambiri amangosintha onse. Ineyo, poti ndi ya bambo anu, ndikanapempha kuti makina akalewo asungidwe, ndiponso asapukute kunja kwake ndi makina owalitsira, poti zokandika zija ndi za dzanja lawo.

Ikakonzedwa, werengerani zaka 5 mpaka 7 ngati mukuivala tsiku lililonse. Rolex amati zawo zingafike zaka 10. Koma mukadzaona nthunzi pansi pa galasi, musadikire ngakhale sabata, dzimbiri silichedwa. Ikadzayamba kuthamanga mphindi zingapo mwadzidzidzi, kawirikawiri ndi maginito a sipika kapena chikwama cha foni. Amachotsa m'masekondi ochepa osaphwasula chilichonse.

Musanaisiye, akulembereni mtengo papepala, zimene asinthe, ndi galanti ya chaka chimodzi. Zitsulo zakale zimene achotse akubwezereni.