Za wilo ya lotale ija

"Achemwali, wina kuntchito akuti pali njira ya wilo, ukaitsatira pa lotale sungaluze. Zoona zimenezi?"

Eee achimwene, ndaumva uthenga wanu. Njirayo ilipodi, koma mnzanuyo wathira mchere wambiri. Titenge lotale yosankha manambala 6 pa 49.

Inu muli ndi manambala 8 amene mwawakonda, koma pa tikiti pamakwana 6 basi. Kuti muwasakanize mwa njira zonse, pafunika matikiti 28, imeneyo ndiye wilo yathunthu. Akafika 10, matikiti 210. Mwaona mmene ndalama ikuthawira? N'chifukwa chake ambiri amatenga yachidule.

Mvetserani bwino apa. Manambala 8 aja aikeni awiriawiri: 3 ndi 9, 14 ndi 21, 27 ndi 32, 40 ndi 46. Mulembe matikiti anayi, pa tikiti iliyonse musiye gulu limodzi, mulembe atatu otsalawo. Basi, yatha. Ndiye atatu mwa manambala anu akatuluka, zivute zitani akumana pa tikiti imodzi, chifukwa manambala atatu sangakwane m'magulu onse anayi. Tinene kwatuluka 9, 21 ndi 40: onsewo ali pa tikiti imene munasiya 27 ndi 32 ija. Kukatuluka 3, 9 ndi 14, ndiye matikiti awiri adya limodzi.

Komatu lonjezolo lili ndi "ngati" wake. Ngati atatu mwa anuwo atuluke. Zimenezo zimachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 21, maulendo 20 enawo ndalama yapita. Ndipo mphotho ya manambala atatu ndi kochepetsetsa kaja.

Za jakipoti ndiye musanamizidwe. Njira zosankhira 6 pa 49 zilipo 13,983,816. Matikiti anayi osiyana ndi mwayi unayi pa nambala imeneyo, kaya mwachita wilo, kaya wakulemberani mwana wa sitandade 2. Makina aja sadziwa kuti inu munakhala pansi n'kusanja. Ngakhale onse 6 atachokera mwa 8 anuwo, yachiduleyi imangotsimikiza 5; jakipoti ibwera pokhapokha awiri osatulukawo akhale a gulu limodzi, mwayi 4 pa 28.

China chimene sanakuuzeni, aaa, ichi ndiye chimadabwitsa anthu. Mutagula matikiti anayi osabwereza nambala ngakhale imodzi, mungamapeze kenakake pafupifupi kamodzi pa 13, kuposa wilo ija. Wilo imangounjika: imadya mwa apo ndi apo, koma ikadya nthawi zina matikiti awiri atatu limodzi. Mukawerengera kwa nthawi yaitali, ndalama yobwerera ndi yomweyo, ndipo sifika pa imene munalowetsa, poti eni lotale amayamba atapa yawo.

Ndiye akamakugulitsani tebulo la wilo, musalipire, ndakupatsani ulere apa. Ndipo ya fizi ya ana ija musaikhudze chonde. Apatseni moni alamu.